Pa njinga ya olumala kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Cape Town

Lachitatu, ku Lilongwe

Matikiti a ndege tagula, chipinda chogona chapezeka, ndipo chatsala n'kutsimikizira zonse kachiwiri tisananyamuke Lolemba likudzali. Ndikupita ku Cape Town ndi mayi a kunyumba kukaona mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito kumeneko. Miyendo yanga siigwira ntchito kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi, choncho sindingathe kuima kapena kuponda sitepe ngakhale imodzi, koma manja anga ndi amphamvu ndipo ndimapalasa ndekha njinga yanga ya olumala. Ndanena zimenezi poyamba chifukwa munthu amene amatha kuima pang'ono, kapena amene njinga yake ndi ya batire, mafunso ake adzasiyana ndi anga.

Kukonzekera kunayamba ndi tepi yoyezera. Njinga yanga ndi masentimita 64 mulifupi, kuyeza kuchokera pa chitsulo chopalasira cha kumanja kufika pa cha kumanzere, ndipo manja akagwira zitsulozo pamafunika malo enanso pang'ono mbali zonse ziwiri. Mulitali ndi masentimita 100, kuphatikizapo zala za kumapazi zimene zimatulukira kutsogolo kwa popondera. Pokhalira, khushoni ili pomwepo, pali pa masentimita 50 kuchokera pansi. Ikapindidwa imatsala masentimita 30, ndipo imalemera makilogalamu 15. Manambalawa ndawalemba pa pepala ndi mu foni, popeza funso lililonse limene ndafunsa a ndege, a kumalo ogona ndi oyendetsa galimoto lakhazikika pa iwo. Munthu akakufunsani ngati njinga ingalowe pakhomo pake, iye amayankha mwa kuyang'ana ndi maso, ndipo maso a munthu woyenda ndi miyendo saona kusiyana kwa khomo la masentimita 62 ndi la 72.

Lero ndinaimbira foni kampani ya ndege kuti andiwerengere zimene zalembedwa pa tikiti yanga. Makampani a ndege amagwiritsa ntchito zizindikiro zitatu posiyanitsa thandizo limene munthu akufuna. WCHR ndi ya munthu amene amakwera yekha masitepe a ndege koma sangayende mtunda wautali pabwalo. WCHS ndi ya amene sangakwere masitepe koma akalowa m'ndege amatha kuyenda mpaka pampando wake. WCHC ndi ya munthu ngati ine, wofunika kunyamulidwa mpaka pampando. Wogulitsa tikiti akamva kuti mukufuna njinga, kawirikawiri amangolemba yoyambayo, ndipo zotsatira zake zimaoneka patsinde pa masitepe, pamene mwafika munthu mmodzi yekha ndi njinga yapabwalo, wopanda kampando konyamulira ndiponso wopanda mnzake womuthandiza. Ine ndinapempha kuti WCHC ioneke pa ndege iliyonse mwa zinayi zimene ndidzakwere popita ndi pobwera, ndipo ndinawauza kuti anditumizire chikalata chosonyeza zimenezo. Makampani ambiri amafuna kudziwitsidwa kutatsala maola osachepera 48, koma kulibwino kunena tsiku logula tikiti lomwelo n'kudzabwereza panthawiyi.

Lachisanu

Nkhani ya chipinda ndiyo inanditengera nthawi yaitali kuposa zonse, ndipo ndikufuna kuilemba bwinobwino.

Ndinalembera malo ogona angapo a ku Sea Point ndi ku Green Point, madera a mumzinda wa Cape Town, amene amalengeza kuti ali ndi chipinda cha anthu aulumali. Sindinawafunse ngati chipindacho n'choyenera njinga, chifukwa funso lotero aliyense amaliyankha kuti inde, ndipo ambiri amayankha ndi mtima wabwino ndithu. Ndinawafunsa zinthu zoti ayeze ndi kujambula. Kuchokera pamsewu kukafika pa bedi pali sitepe iliyonse kodi, ngakhale kachidikha ka pakhomo? Khomo la kubafa likatsegulidwa mpaka kumapeto, mpata umene watsala pakati pa chitseko ndi felemu ndi masentimita angati? Pansi pa shawa n'pofanana ndi pansi pa bafa lonse, kapena pali mlomo wotchinga madzi? Pambali pa chimbudzi pali malo oti njinga iime moyandikana nacho? Nanga pamwamba pa matiresi pali patali bwanji kuchokera pansi?

Mayankho anasefa malowo okha. Ena sanayankhe n'komwe. Ena anatumiza chithunzi cha bafa lokongola lokhala ndi zitsulo zogwirira kukhoma, koma zitsulozo zinali zozungulira beseni lalikulu losambiramo chogona, limene ine sindingatulukemo ndikalowa. Nyumba ina ya alendo inandikopa kwambiri chifukwa cha mtengo wake, ndipo mwini wake analemba mosangalala kuti anamangitsa njira yotsetsereka pambali pa masitepe a pakhomo. Nditapempha miyeso, anati masitepewo ndi atatu, lililonse masentimita 15, ndipo njirayo ndi yaitali mamita awiri ndi theka. Masitepe atatuwo akutanthauza kukwera masentimita 45. Muyeso umene amisiri amatsata ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 oyenda, ndiye kuti kukwera masentimita 45 kumafuna njira ya mamita 5.4. Yawoyo sinafike ngakhale theka lake. Pa chitsetse chotero mawilo aang'ono a kutsogolo amanyamuka pokwera ndipo njinga imafuna kugwa chagada, pomwe potsika munthu amasereka kuchoka pa khushoni. Ndikanatha kulowa mokankhidwa, koma sindikanatha kutuluka ndekha usiku moto utabuka, ndipo chimenechi ndicho chinandichititsa kukana.

Hotelo imene ndinasankha ili pafupi ndi nyanja. Izinso zinali zoganizira, chifukwa Sea Point ndi yamyaa m'mbali mwa nyanja mokha. Mukangodutsa msewu waukulu wa Main Road kulowera kuphiri, misewu imayamba kukwera mwamphamvu kulunjika ku Signal Hill. Mapu a pa foni amaonetsa mtunda koma saonetsa chitunda, choncho ndinatsegula zithunzi za misewu n'kuyenda nazo khomo ndi khomo, kuyang'ana mmene mipanda yatsikira ndiponso ngati m'mphepete mwa msewu anadula pokwerera. Ndinapempha chipinda chapansi. Dziko la South Africa lavutika ndi kuzimazima kwa magetsi m'zaka zapitazi, makamaka mu 2023, ndipo chikepe chikaima munthu wa pa njinga amakhala pamene chamusiyapo. Ngati chipinda chapansi palibe, funso loyenera ndi lakuti jenereta yawo imayendetsanso chikepe kapena imangoyatsa mababu.

Pomaliza ndinatuma mphwanga ndi tepi. Madzulo ano watumiza zithunzi, tepi ikuoneka pa chilichonse, ndi uthenga wakuti: "Amalume, khomo la kubafa ndi 78, bedi ndi 56, shawa ilibe mlomo, koma mpando wosambira sindinauone. Akuti uli ku stolo." Ndamuuza kuti alembenso nambala ya chipinda chimene wayezacho. Ndalembera hoteloyo kuti nambala imeneyo ilowe m'chikalata changa, pakuti zipinda ziwiri zotchedwa dzina limodzi m'hotelo imodzi zimatha kusiyana kotheratu.

Lolemba, paulendo

Pabwalo la ndege la Kamuzu ndege zimaima pabwalo ndipo anthu amakwera masitepe, ndiye tinafika molawirira kuti pakhale nthawi yokambirana za kakweredwe. Ndinapempha kukhala pa njinga yanga mpaka patsinde pa ndege ndiponso kuti aimangirire kapepala kosonyeza kuti idzabwezedwe pakhomo pa ndege, osati kumalo otengera katundu. Ndisanaipereke ndinachotsa khushoni, zotchinga za m'mbali ndi kachikwama ka masipanala, ndipo mayi anaijambula mbali zonse. Khushoni sindilola kuti ipite pansi ndi katundu. Mpando wa ndege ndi wolimba, ndipo munthu amene samva kupweteka m'munsi akhoza kutsika ali ndi chilonda chimene chingamugoneke miyezi. Komanso njinga yobwereka ikhoza kupezeka kulikonse, koma khushoni yondiyenera siipezeka msanga.

Anandisamutsira pa kampando kopapatiza kamene kamadutsa pakati pa mipando ya m'ndege. Kalibe potsamira mikono, ndipo munthu wopanda mphamvu m'chiuno amapendekeka mosavuta, choncho sindinalole kunyamuka mpaka malamba a pachifuwa, a m'chiuno ndi a m'miyendo atamangidwa onse. Anyamata awiri amene anandinyamula anali aulemu ndipo anamvera. Ndinawauza kuti, "Achimwene, mmodzi agwire kumsana, wina pansi pa mawondo, ndipo musandikoke m'khwapa." Kukoka m'khwapa kumavulaza mapewa, ndipo mapewawo ndiwo amandiyendetsa.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg ndi pafupifupi maola awiri ndi theka, ndipo kuchokera kumeneko kukafika ku Cape Town ndi maola awiri. Ndege za maulendo amenewa zili ndi kanjira kamodzi pakati ndipo chimbudzi chake sindingalowemo, choncho zonse za kuchimbudzi ndinazithera pansi ndisanakwere, ndipo madzi ndinamwa mosamala popanda kudzimana kotheratu. Powerenga nthawi musamawerenge youluka yokha. Munthu wa pa njinga amakwera woyamba ndipo amatsika womaliza, choncho ulendo wa maola awiri ndi theka umamukhazika pampando pafupifupi maola anayi.

Pachifukwa chomwecho ndinasankha matikiti osiya maola anayi pakati pa ndege ziwirizi pabwalo la O. R. Tambo, ngakhale panali ena osiya ola limodzi ndi theka. Wochokera kunja amayenera kudinditsa pasipoti, kutenga katundu wake, kudutsa kwa a kasitomu, n'kukaperekanso katunduyo kumbali ya maulendo a m'dziko momwemo. Ife Amalawi sitifuna viza pokacheza kwa masiku osapitirira 30, choncho pamenepo sitinachedwe. Tinachedwa podikira kuti anthu onse atsike, kenako podikira galimoto yokhala ndi chikepe imene imafika pakhomo pa ndege kudzatsitsa anthu onga ine. Njinga yanga itabwera sindinafulumire kukhalapo. Ndinaipalasa yopanda munthu kuona ngati ikuyenda mowongoka, ndinayesa mabuleki onse awiri, ndipo ndinayang'ana masipoko. Chilichonse chowonongeka chimayenera kulembetsedwa musanatuluke pabwalo, ndipo dandaulo lolemba liyenera kufika pasanathe masiku 7. Komanso malamulo a maulendo a pakati pa mayiko amawerenga njinga ngati katundu wamba, amene chipukuta misozi chake chili ndi malire, ndipo malirewo nthawi zambiri safika pa mtengo wa njinga yabwino. Yanga inali bwino.

Lachiwiri, ku Sea Point

Usiku wathawu polandirira alendo anatipatsa kiyi wa chipinda china cham'mwamba, ponena kuti n'chachikulu ndiponso chimaona nyanja. Mtsikana amene anali pamenepo ankaganiza kuti akutichitira ulemu. Ndinamuonetsa chikalata chokhala ndi nambala ya chipinda chimene mphwanga anayeza, ndipo patapita kanthawi anatipatsa chomwecho. Chikanakhala kuti chapatsidwa kale kwa munthu wina, chikalatacho ndicho chikanandipatsa poyambira kulankhula.

Miyeso yonse inali yoona. Bedi la masentimita 56 likuposa njinga yanga ndi masentimita 6 okha, ndipo ndimasamuka ndekha popanda thabwa. Mahotela ambiri masiku ano amakonda mabedi aatali ofika masentimita 65 kapena 70, ndipo pamenepo munthu amayenera kudzikweza ndi mikono kangapo patsiku. Likakhala lotero, nthawi zina zimatheka kupempha kuti achotse miyendo ya bedilo.

Mpando wosambira uja utachokera ku stolo unapezeka kuti ndi mpando wapulasitiki wa pakhonde, wa miyendo yopyapyala. Nditauyesa ndi dzanja pa matailosi onyowa, miyendo ya kumbuyo inayamba kutanyuka. Mpando wotero umathyoka munthu akamasamukirapo cham'mbali, chifukwa kulemera konse kumagwera pa mwendo umodzi. Ndinaukana mwaulemu. Mphwanga anakabwereka mpando weniweni ku shopu yobwereketsa zipangizo za odwala, wachitsulo chosachita dzimbiri, wokhala ndi potsamira ndi mphira kumiyendo, ndipo anausintha kutalika kuti ufanane ndi njinga. Madzi otentha ndinawayesa ndi mkono ndisanawalozetse kumiyendo, pakuti khungu losamva limapsa mwini wake osadziwa.

Masana tinayenda pa njira yowakidwa ya m'mphepete mwa nyanja, imene ndi yosalala ndi yotakata kwa makilomita angapo, ndipo palibe pamene ndinafuna kukankhidwa. Kenako tinayesa mabasi a mzinda otchedwa MyCiTi. M'basi salandira ndalama. Mumagula khadi la myconnect n'kuikamo ndalama musanakwere. Pa masiteshoni aakulu pokwerera n'pofanana msinkhu ndi pansi pa basi, ndipo m'misewu ing'onoing'ono basi imatulutsa kathabwa kofika m'mphepete mwa msewu. M'kati muli malo a njinga okhala ndi lamba. Vuto limabwera pamene galimoto ina yaima pa siteji, basi n'kulephera kuyandikira m'mphepete. Kathabwako kamatsikira pamsewu penipeni ndipo kamakhala kotsetsereka kwambiri. Mzindawu ulinso ndi magalimoto a anthu aulumali otchedwa Dial-a-Ride, koma amenewo ndi a anthu olembetsedwa, ndipo mlendo asawawerengere.

Kumene basi siifika ndikugwiritsa ntchito magalimoto oitanitsa pa foni. Ndimasankha galimoto yaing'ono wamba, osati zazitali zija, chifukwa mpando wa galimoto yaing'ono uli pafupi ndi msinkhu wa njinga yanga, pomwe wa galimoto yaitali sindingaufike. Woyendetsa akangovomera ndimamulembera kuti ndili ndi njinga yopindika yofuna buti yopanda katundu. Mmodzi ataona uthengawo anasiya ulendowo. Zinandiwawa, komabe n'kwabwino kuti asiye ali kutali kusiyana ndi kukanirana naye pamsewu.

Lachitatu

Lero linali tsiku lokwera phiri la Table Mountain, koma mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene anthu a kuno amaitcha Cape Doctor, inawomba usiku wonse, ndipo m'mawa mtambo unali utaphimba pamwamba pa phiri. Chikepe chokwera phirili chimayenda pa zingwe ndipo mphepo ikakula amachitseka. Eni ake amalengeza pa intaneti ngati chatsegulidwa, ndipo ndinayang'ana ndisanavale n'komwe. Kwa munthu woyenda ndi miyendo, kupita pachabe n'kutaya ndalama ya galimoto basi; kwa ine n'kusamuka kanayi pakati pa njinga ndi galimoto popanda phindu. Pokonza ulendowu ndinasiya tsiku lililonse lodalira nyengo lili ndi lina lolowa m'malo mwake, choncho tinapita ku V&A Waterfront, dera la masitolo la padoko, kumene malo ambiri ndi osalala, zikepe zilipo ndipo zimbudzi zotakata sizisowa. Tinapezerapo mwayi wofika pa Nelson Mandela Gateway, pokwerera boti la ku Robben Island, chilumba chimene chinali ndende, kukakumbutsa za ulendo wathu wa Lachisanu ndi kuona ndi maso njira yotsikira kudoko.

Ku Bo-Kaap, kumene kuli nyumba zamitundumitundu zija, ndinakuchotsa pa ndondomeko ndili ku Lilongwe. Misewu yake ina ndi yamiyala ndipo ili pachitunda, ndipo miyala yotero imakola mawilo aang'ono a kutsogolo. Tidzangodutsako pa galimoto.

Lachinayi, pa Table Mountain

Kunacha kopanda mphepo ndipo tinanyamuka m'mamawa. Galimoto inatitsitsa pakhomo penipeni pa siteshoni ya m'munsi, pa msewu wa Tafelberg. Ichi n'chofunika kumuuza woyendetsa, chifukwa anthu akachuluka magalimoto amaima motsatana kutali m'mbali mwa msewuwo. Ogwira ntchito anatilozera ku chikepe cha m'nyumbamo, ndipo tinalowa m'ngolo yokwera phiri popanda sitepe.

Chikepe cha phirili chinayamba kuyenda mu 1929, ndipo ngolo za masiku ano zimanyamula anthu 65 iliyonse. Pansi pake pamazungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone mbali zonse, choncho ndinamanga mabuleki onse awiri ndipo sindinagwire chitsulo cha pazenera, chifukwa chimenecho sichizungulira nanu limodzi. Munthu wokhala pansi pakati pa anthu oimirira saona kanthu koma misana yawo. N'chifukwa chake ndinapempha kulowa woyamba kuti ndikhale kuzenera. Pafupifupi mphindi zisanu zokha tinali pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera panyanja.

Pamwamba pali njira zowakidwa kuzungulira siteshoni, malo odyera ndi malo oonera mzinda, ndipo chimbudzi cha anthu aulumali chilipo. Gawo loyandikana ndi siteshoni ndinayenda ndekha. Kupitirira apo njira ili ndi mabampu a miyala ndi tizitunda tafupitafupi pamene mphwanga anandikankha, ndipo kumene kunayamba masitepe tinabwerera. Kuchokera pamalo oonerawo Robben Island imaoneka yonse ili yokha pakati pa madzi, ndipo kumanzere kuli phiri la Lion's Head. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, mawondo ali pafupi ndi khoma lamiyala, limene m'malo ena ndi lalitali kwa munthu wokhala pansi, kotero kuti ndinachita kufufuza pamene latsika.

Kumwambako kumazizira kuposa mumzinda ngakhale dzuwa likuwala, ndipo miyendo yosayenda imazizira msanga mwini wake osamva, choncho ndinafunda kabulangete. Mphepo ikayamba kukula amaliza lipenga loitana anthu kuti atsike. Ena akasiyidwa akhoza kutsika wapansi kudzera m'njira ya Platteklip Gorge, koma ine njira yanga ndi imodzi, ndiye sindinatalikire siteshoni kupitirira pamene ndikanabwerako m'mphindi zochepa. Okonza ulendo wa nyengo yozizira adziwenso kuti chikepechi chimatsekedwa chaka ndi chaka kuti akonze makina, kawirikawiri cha mu Julaye ndi Ogasiti.

Lachisanu, ku Robben Island

Ulendo wa pachilumbachi uli ndi zigawo zitatu, boti, basi ndi ndende, ndipo chigawo chilichonse ndinachifunsa pachokha pogula tikiti. Kudziwitsa msanga n'kofunika makamaka chifukwa cha basi, popeza si onse amene angakweze njinga, ndipo oyang'anira amayenera kukonza kuti yoyenera idikire boti limene mwakwera.

Pokwera boti chimene chimalamula ndi madzi. Nyanja ya mchere imakwera ndi kutsika kawiri patsiku, choncho kamlatho kolowera m'boti kamene kanali kosalala m'mawa kamatha kukhala kotsetsereka masana. Ogwira ntchito m'botimo anandithandiza kutsika chafutambuyo, mmodzi atagwira zogwirira za kumbuyo, wina ali kutsogolo. Ndinamuuza wa kutsogoloyo kuti agwire chitsulo cha felemu osati popondera mapazi, chifukwa popondera pamachoka mukapakoka m'mwamba. M'kati ndinaimika njinga motsamira khoma, ndipo mafunde atayamba kunja kwa doko mayi anagwira chogwirira chimodzi, pakuti mabuleki amaletsa mawilo kuzungulira koma saletsa matayala kusereka.

Basi inatizungulitsa pa nyumba imene anasungiramo Robert Sobukwe, mtsogoleri wolimbana ndi tsankho, payekha ndi pa mgodi wa miyala ya laimu pamene akaidi ankagwira ntchito. Malo amenewa amaoneka bwino muli m'basi momwemo. Kundende anatitsogolera bambo amene anakhalapo mkaidi wa ndale pachilumbapo. Ataona njinga yanga anauza gulu kuti lindisiyire kutsogolo, ndipo polankhula ankatembenukira kwa ine mwini, osati kwa mayi kapena kwa mphwanga, chinthu chimene anthu ambiri sachita. Pansi ndi pa simenti, ndipo pa makomo ena pali timilomo timene ndinadutsa ponyamula mawilo a kutsogolo. Kanjira ka m'gawo B, mmene muli chipinda cha Nelson Mandela, ndi kopapatiza anthu akachuluka, choncho ndinadikira kuti gulu lipite patsogolo kenako ndinayandikira zitsulo. Anakhala pachilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, kuyambira 1964 mpaka 1982. M'chipindamo muli mphasa, mabulangete opindidwa, katebulo ndi chidebe. Alendo salowamo, koma diso langa lozolowera kuyeza linaona lokha kuti njinga yanga ikanatembenukamo movutikira.

Ulendo wonse umatenga pafupifupi maola anayi, ndipo nthawi yopuma pakati ndi yochepa. Zimbudzi ndinazifunsa pasadakhale, pa Gateway ndi pa doko la pachilumba, ndipo mphindi makumi awiri zilizonse ndinkadzinyamula ndi mikono kuti magazi ayende pokhalira.

Loweruka

Mapewa atopa ndipo ndakhala nthawi yaitali chogona. Tsikuli ndinalisiya lopanda kanthu mwadala pokonza ulendo. Madzulo ndayang'ana khungu la kumbuyo ndi kagalasi, monga ndimachitira tsiku lililonse; pali malo amodzi ofiirira amene ayera nditawadina ndi chala ndipo abwerera mwakale nditagona chammbali. Akanapanda kusintha mtundu, ulendo wa mawa ukanaimitsidwa.

Lamulungu, ku Boulders

Tinapita ku Simon's Town pa galimoto ya mnzake wa mphwanga kukaona mbalame za m'nyanja zotchedwa mapengwini. Malowa ali ndi makomo osiyana, ndipo la njinga ndi la kumalo olandirira alendo, kumene kumayambira milatho yamatabwa yopita ku Foxy Beach. Milathoyo ndi yotakata ndipo ili ndi zotchinga m'mbali, koma imatsika kulowera kunyanja, choncho pobwerera pamafunika wokankha m'malo ena. Mbalamezo zinali pafupi kwambiri ndi matabwa, zina zitakhalira mazira m'maenje a mumchenga, ndipo kukhala pansi kunandipatsa malo abwino oonera kupyola m'mipata ya zotchingazo. Kumchenga kosambira sindinayeseko, chifukwa matayala opyapyala amamira mumchenga.

Lolemba, usiku wotsiriza

M'mawa kunabwera uthenga wakuti nthawi ya ndege yathu yochoka ku Cape Town yasintha ndipo atisamutsira pa ina. Nthawi yomweyo ndinaimba foni, chifukwa tikiti ikasamutsidwa, pempho la thandizo silitsatira nthawi zonse. Mayi amene anayankha anawerenga zonse ndipo anapeza kuti WCHC ilipo pa ndege ya ku Lilongwe koma palibe pa yatsopanoyi, ndiponso mpando umene anandipatsa unali pa khomo lotulukira pangozi, pamene munthu wosayenda saloledwa kukhala. Anakonza zonse ziwiri, ndipo ndinapempha mpando umene chotsamira mkono chake cha kukanjira chimatukuka, kuti posamuka asachite kundidumphitsa pamwamba pake. Chikalata chatsopano chafika ndipo ndachisunga mu foni. Kusinthaku kwatisiyira maola atatu ndi theka ku Johannesburg, amene akwanira, popeza pobwerera katundu amulembera mpaka ku Lilongwe.

Mpando wosambira mphwanga waubweza ku shopu madzulo ano. Matayala ndapopa, ndamanga bawuti ya buleki ya kumanzere imene inakhwepa pa matabwa a dzulo, ndipo masipanala ndawaika m'sutikesi chifukwa pa chipata chofufuzira katundu amatha kuwalanda. M'chikwama cha m'manja muli mankhwala ndi machubu okodzera okwanira masiku ena awiri owonjezera, zovala zosinthira, ndi pepala la miyeso ya njinga limene ndidzamangirire kumsana kwake pamodzi ndi malangizo a kapindidwe. Galimoto ndaipangana kuti ifike 5 koloko m'mawa, ndipo woyendetsa watsimikiza kuti buti yake ikhala yopanda kanthu.